Cha kunyanja kapena cha suti?

"Anzanga thandizeni, pa Tinder ndinaika chithunzi cha kunyanja sabata imodzi ndinapeza mamachi 9, sabata inayo ndinaika cha suti anabwera 6 okha. Ndiye kuti cha kunyanja ndi chomwe chikukoka eti? Ndili kwa Kamuzu Road, Salima."

Achimwene musafufute kaye cha suticho. Masiku kufanana pakokha sizikwanira, nkhani ndi yoti munaswaipa kumanja anthu angati sabata iliyonse. Tinene kuti yoyamba munali ndi bando yokwanira munaponya malaiki 150, ndiye 9 pa 150 ndi 6 pa 100 alionse. Yachiwiri mwatopa mwangoponya 75, ndiye 6 pa 75 ndi 8 pa 100. Mwaona? Apa suti ndi imene yawina. Ndiye muzilemba penapake malaiki a tsiku lililonse, kapena mungodziikira kuti 15 patsiku basi, osapitirira.

Koma vuto lalikulu ndi Salima yathuyi, anthu apa Tinder ndi ochepa, mukaswaipa masiku angapo nkhope zayamba kutha. Chithunzi choyamba chimapeza anthu atsopano okhaokha, chachiwiri chimapeza otsalira, komanso wina amene munamulaika sabata yoyamba atha kudzatsegula foni sabata yachiwiri, machiyo ndiye muiwerengera kuti? Ine ndimati iwerengeni tsiku limene yabwera poti iye waona chithunzi chimene chilipo tsikulo. Ndipo musinthanitse kwa masabata anayi: nyanja, suti, suti, nyanja, kuti chilichonse chilaweko poyambirira ndi pothera. Sabata izikhala yathunthu, Lolemba mpaka Lamulungu, chifukwa Loweruka ku Senga Bay kumadzaza anthu a ku Lilongwe, makamaka kumapeto kwa mwezi akalandira, ndiye chithunzi chimene chagwera wikendi imeneyo chimaoneka ngati chadolo chonsecho ndi alendo angochuluka.

Zina zonse musakhudze. Mawu a pa mbiri yanu akhale omwewo, zaka ndi mtunda zomwezo, mukakweza mtunda mpaka Lilongwe ilowe pakati pa mayesowa ndiye mwaononga zonse. Boost ayi, ndipo muzimitse Smart Photos chifukwa imasuntha yokha chithunzi chakutsogolo inu osadziwa.

Kunena zoona 9 ndi 6 kusiyana kwake ndi kochepa kwambiri, anthu atatu okha atha kungokhala mwayi. Ngati malaiki anali ofanana, phatikizani mamachi onse, dinani √ pa kakyuleta ya mufoni, zimene zatulukazo chulukitsani kawiri, amenewo ndiye malire amene kusiyanako kuyenera kupitirira kuti tinene kuti si mwayi chabe. Apa 15 ikupereka pafupifupi 4, kawiri ndi 8, pomwe inu kusiyana kwanu ndi 3 basi, sikunafike. Zikanakhala 30 ndi 15 ndiye tikanakamba zina, poti malire ake ndi 13 ndi kanthu ndipo kusiyana ndi 15. Masabata anayiwo akatha manambala akadali pafupi chonchi, ikani kutsogolo chimene nkhope ikuoneka bwino, muyambe kuyesa mawu a pa mbiri.