Bonasi yanga ya 600,000 yafika 400,000, kodi andibera?

"Abale ndithandizeni. Malipiro anga ndi 400,000 pamwezi, akadula msonkho ndimatsala ndi 325,000. Mwezi uno atipatsa bonasi ya 600,000 koma yomwe yawonjezereka ku akaunti ndi 400,000 yokha. Bwanji msonkho wake wakwera chonchi? Akanaigawa mwezi ndi mwezi zikanasintha?"

Pepani achimwene, zimawawa ndithu, koma sindikuganiza kuti akuberani. Simunanene dziko lomwe mukugwirako ntchito, ndiye ndigwiritsa ntchito magawo a msonkho achitsanzo chabe, omwe akugwirizana ndi manambala anuwo. Tinene kuti pamwezi 100,000 yoyamba sailipiritsa msonkho, kuchoka apo mpaka 500,000 amadula 25 peresenti, ndipo yopitirira 500,000 amadula 35 peresenti.

Mwezi wamba, msonkho umagwira 300,000 yokha mwa malipiro anu, n'chifukwa chake amadula 75,000. Mukaiyerekeza ndi 400,000 yonse, ndi 19 peresenti yosakwana, ndipo maso anu anazolowera imeneyo. Koma gawo laulere lija limabwera kamodzi pamwezi, ndipo malipiro anu analidya kale. Bonasi ikamafika imakhala pamwamba pa malipirowo, ndiye imayamba kudulidwa kuyambira ndalama yake yoyamba. Chimenechi sichingasinthe, kaya aigawe kaya asaigawe.

Chomwe chimasintha ndi ichi. Pomwe anaiphatikiza ndi malipiro, mweziwo munaoneka ngati munthu wolandira 1,000,000. Mu gawo la 25 peresenti munali mutatsala malo a 100,000 okha, ndiye pamenepo anadula 25,000. Yotsala 500,000 inasefukira ku gawo la 35 peresenti, komwe anadula 175,000. Pamodzi ndi 200,000, yomwe mukuisowayo. Taonani kuti malipiro anu enieni sanakhudzidwe ayi. Anthu ambiri amaganiza kuti ukalowa gawo lapamwamba ndiye kuti ndalama yonse imadulidwa pamlingo wapamwambawo, mpaka ena kumaopa kukwezedwa malipiro. Si zoona, imadulidwa kwambiri ndi yokhayo yadutsa malire.

Tsopano akanaigawa, kumakupatsani 50,000 mwezi uliwonse kwa miyezi 12, malipiro anu akanakhala 450,000, osafika pa malire a 500,000 aja. Mwezi uliwonse akanadula 12,500 yowonjezera, pachaka 150,000, inu n'kutsala ndi 450,000 ya bonasiyo. Kusiyana kwake ndi 50,000, ndipo imeneyi ndi yomwe ndikufuna muilondole, chifukwa mwina ndi yanu.

M'mayiko ambiri msonkho wa munthu amauwerengera pachaka, ndipo zodula mwezi ndi mwezi kumakhala kungolipiriratu pang'onopang'ono. Tiwerenge chaka chanu: 400,000 kuchulukitsa ka 12, kuphatikizapo bonasi, ndi 5,400,000. Magawo aja pachaka amakhala 1,200,000 yaulere, ndipo 25 peresenti imafika mpaka 6,000,000. Mwaona? Pachaka simunafike n'komwe ku 35 peresenti. Msonkho wanu woyenera ndi 1,050,000. Koma mudzakhala mutalipira 75,000 kwa miyezi 11, ndi 275,000 mwezi wa bonasiwu, zomwe ndi 1,100,000. Yopitirira ndi 50,000 yomwe ija.

Kuti ibwerere zimatengera malamulo a kwanuko. Ku Mangalande, mwachitsanzo, nthawi zambiri amawerengera zonse zomwe walandira kuyambira pomwe chaka cha msonkho chinayamba, ndiye zopitirira zimadzikonza zokha pa malipiro otsatira. Ku Amereka abwana akhoza kungodula 22 peresenti ya boma lalikulu pa bonasi, zenizeni n'kudzaoneka polemba fomu ya msonkho yapachaka. Kwina umayenera kupempha wekha kuti akubwezere, ukangokhala chete basi yapita. Ndipo komwe lamulo limati msonkho wa mwezi uliwonse umathera m'mwezi womwewo, palibe chobwerera, ndipo kumeneko ndi komwe kugawa bonasi kumapindulitsadi.

Musaiwale kuti si aliyense amataya. Mnzanu amene malipiro ake anadutsa kale 500,000 amadulidwa 35 peresenti pa bonasi mulimonsemo, kugawa sikungamuthandize. Amene zimawapweteka ndi anthu ngati inu, okhala kufupi ndi malire.

Tengani peyisilipi ya mwezi uno ndi ya mwezi watha muziike pamodzi. Yang'anani mzere wa msonkho wokha, osati ndalama yomwe yalowa ku banki. Chotsani msonkho wa mwezi watha pa wa mwezi uno, yotsalayo muigawe ndi bonasi. Inu iyenera kutuluka pafupifupi 33 peresenti. Ikaposa mlingo wapamwamba kwambiri wa m'dziko lanu, pamenepo ndiye pali cholakwika. Onaninso mizere ya penshoni ndi ngongole, poti malo ena amadulanso pa bonasi, anthu n'kumanamizira msonkho. Kenako pitani kwa owerengera malipiro ndi mapepala awiriwo, mukawafunse ngati bonasiyi anaiwerengera pa magawo a mwezi kapena a chaka, komanso ngati amakonza zopitirira chaka cha msonkho chikamatha.