Vekita iyi ili mu sipani kapena ayi?

"Ndili kwathu ku Kasungu, ndikukonzekera mayeso a masamu a ku koleji. Andipatsa u = (1, 2, 1), v = (0, 1, 3) ndi w = (2, 5, 5). Ndidziwa bwanji ngati w ili mu sipani ya u ndi v?"

Achimwene, ilimo. Chofunika n'kupeza manambala awiri, a ndi b, oti au + bv = w. Akapezeka ndiye kuti ilimo, akakanika mulibe.

Fananitsani malo ndi malo, mupeza mizere itatu:

```
a      = 2
2a + b = 5
a + 3b = 5
```

Mzere woyamba watipatsa kale a = 2. Muikeni mu wachiwiri, b atuluka 1. Apa ndi pomwe ambiri amatseka kope, koma musathamange, mzere wachitatu ndiwo umagamula mlandu. Onani: 2 + 3 = 5, zagwirizana. Choncho w = 2u + v.

Ineyo ndinatayapo malikisi pomwepa. Ndinapeza a ndi b, n'kulemba kuti ilimo, wachitatuwo osauyang'ana n'komwe. Tayesani kusintha w ikhale (2, 5, 6). Mizere iwiri yoyamba ikupatsanibe 2 ndi 1, koma wachitatu ukufuna 5 akhale 6, zosatheka. Chifukwa chake n'chakuti mavekita awiriwa amangoyala thabwa limodzi lafulati, ndipo (2, 5, 6) ili kunja kwa thabwalo.

Mavekita akachuluka, aimikeni chotsika m'matirikisi, w kumapeto, n'kuchepetsa mizere. Mukaona 0 = 1, mulibe. Koma 0 = 0 isakuopseni, ndi mzere wongobwereza.

Za kalembedwe kofunika pa mayeso, kawaonetseni aphunzitsi anu, poti ena amafuna matirikisi basi.