Musasayine musanabweze bakapu iwo akuona

"Alangizi, ndinamaliza digiri ya zamakompyuta chaka chatha, ndipo ndatha miyezi isanu ndikugwira ntchito ku bungwe lina losunga ndi kubwereketsa ndalama ku Lilongwe. Bambo amene amasamala detabesi yathu ya PostgreSQL akusiya ntchito, kwatsala masabata awiri. Andilembera kalata ya masamba atatu yofotokoza za mabakapu, machenjezo ndi ntchito zoyenda zokha usiku. Abwana akuti ndisayine kuti ndalandira. Ndione chiyani ndisanasayine?"

Achimwene, kalatayo musangoiwerenga, muiyese. Masabata awiriwa ndi okhawo amene mungalakwitse pali munthu wokukonzani pafupi. Wolemba kalata yotere amalemba zimene akukumbukira, koma zimene manja ake anazolowera kuchita m'mawa uliwonse sazionanso ngati ntchito, ndiye sizilowa m'kalata. Si kuipa mtima ayi. Mukatsatira kalatayo mzere ndi mzere iwo atakhala pambali osagwira kiyibodi, paliponse pamene mwakakamira ndi pamene kalata yapereŵera.

Yambani ndi bakapu. Mawu oti "bakapu imachitika usiku uliwonse" sakuuzani kanthu. Apempheni akuonetseni mzere weniweni umene umaiyendetsa. Tiyerekeze kuti ndi uwu, chifukwa mizere yotere ilipo yambiri m'maofesi ang'onoang'ono:

```
0 1 * * * pg_dump -U dba sacco | gzip > /backup/sacco.sql.gz
```

Mzerewu ukhoza kugwira bwino zaka zambiri, koma taonani zimene zichitike bambowo akangochoka. `pg_dump` imalowa m'detabesi ndi dzina la `dba`, ndipo pasiwedi imaitenga mu fayilo ya `.pgpass` imene ili mu akaunti yawo. Tsiku lotsatira ofesi isintha pasiwedi ya `dba`, monga ziyenera kukhalira munthu akasiya ntchito. Usiku `pg_dump` ikanidwa, koma `gzip` ipitirizabe: ipanikiza zopanda kanthu n'kutulutsa kafayilo ka mabaiti 20. Popeza dzina la fayilo ndi lomwelo usiku uliwonse, kafayiloko kafufuta bakapu yabwino ya dzulo. Mukayang'ana m'foda mupeza fayilo ya deti la lero, mtima n'kukhala m'malo, chonsecho mulibe ngakhale dzina la membala mmodzi. Uthenga wa kulepherako `cron`, pulogalamu imene imayendetsa mzerewu pa nthawi yake, imautumiza kwa mwini akaunti kapena ku adiresi ya pa `MAILTO`, ndiye kuti ku imelo ya munthu amene wapita kale.

N'chifukwa chake m'kalatamo mulembedwe kukula kwa bakapu ya masiku onse ndi mphindi zimene imatenga. Ngati imakhala mamegabaiti 800 ndiye lero yatsika kwambiri, pali vuto ngakhale palibe chimene chalira. Dzina la fayilo likhale ndi deti, ndipo kalata inene kuti mumasunga za masiku angati. Inenenso komwe kuli kope lachiwiri, kunja kwa seva imeneyo komanso kunja kwa chipinda chimenecho, pakuti disiki ikafa kapena akuba akalowa, bakapu yokhala pa seva yomweyo imapita limodzi ndi detabesi. Ngati mafayilowo ndi otsekedwa ndi kiyi, funsani amene akusunga kiyiyo. Ikakhala pa laputopu ya bambowo pokha, ndiye kuti bungwe lilibe bakapu.

Kenako ibwezeni nokha pa kompyuta ina, osati pa seva imene anthu akugwiritsa ntchito:

```
createdb yesero
gunzip -c sacco.sql.gz | psql -v ON_ERROR_STOP=1 yesero
```

Musadabwe ikaima panjira n'kudandaula kuti dzina lakutilakuti palibe. `pg_dump` imatenga detabesi imodzi yokha, siitenga mayina a olowa m'seva ndi mapasiwedi awo. Zimenezo zimafuna `pg_dumpall --globals-only`, ndipo ambiri amazindikira izi pa tsiku la ngozi. Ikatha, werengani mamembala ndi kuphatikiza ngongole zonse, muyerekeze ndi lipoti la akawuntanti la tsiku lomwelo. Yang'ananinso wotchi. Abwana akadzafunsa kuti "tiyambiranso nthawi yanji?" mudzayankha ndi maola amene munayeza nokha. Muwauziretu pano kuti bakapu ya usiku umodzi ikutanthauza kuti seva ikafa 4 koloko madzulo, zonse zimene makalaliki alowetsa kuyambira m'mawa ziyenera kulowetsedwanso kuchokera pa malisiti. Avomereze zimenezo iwowo, kapena apereke ndalama za njira ina.

Za machenjezo ndi zachidule. Pa chenjezo lililonse kalata inene komwe limapita, chimene limatanthauza ndi choyamba kuchita likabwera. Amene akupita ku foni kapena imelo ya bambowo asamutsidwire ku adiresi ya ofesi imene anthu awiri amaiona, kenako muyambitse limodzi dala kuti muone ngati lafika. Funso limene ndikufuna musaliiwale ndi ili: "Ndi machenjezo ati amene mumangowasiya, ndipo ndi ati amene munawazimitsa?" Aliyense wosamala detabesi ali nawo. Mwina disiki imafika pa 85 peresenti Lachisanu lililonse, iwo n'kufufuta mafayilo akale pamanja osauza munthu. Imeneyo ndi ntchito, ilembedwe, chifukwa disiki ikadzaza PostgreSQL imaleka kulemba ndipo ikhoza kuzima.

Tsopano ntchito zoyenda zokha. Musadalire mndandanda wa m'kalata, pangani wanu. `crontab -l` imangoonetsa za akaunti imene mwalowera, choncho onani za `root`, za `postgres` ndi za bambowo, mutsegulenso `/etc/cron.d`, muyendetse `systemctl list-timers`. Mukapeza ntchito 11 pamene kalata yatchula 8, khalani nawo pansi akuuzeni za zitatuzo. Zonse zimene zili mu akaunti yawo zisamukire ku akaunti ya ntchito iwo asanachoke, ndipo zigone usiku umodzi kapena uwiri zikuyenda kumeneko, chifukwa akaunti ikafufutidwa zimatha kuima mwakachetechete.

Pa ntchito iliyonse funsani zinthu ziwiri. Choyamba, imadikira inzake iti? Nthawi zambiri mupeza kuti ntchito yowerengera chiwongoladzanja inaikidwa 2 koloko pongoganiza kuti yolowetsa malipiro ya 1:30 ikhala itatha. `cron` sidziwa zimenezo, imangoyang'ana wotchi. Pakutha pa mwezi malipiro akachuluka, ya chiwongoladzanja iyamba ya malipiro isanamalize, ziwerengero n'kusokonekera. Chachiwiri, ikalephera, kodi n'kololedwa kuiyendetsanso? Funso ili ndi lalikulu kwathu kuno chifukwa cha kuzimazima kwa magetsi: seva ikakhala yozima pa nthawi yake, `cron` siibwerera ntchito imene yaphonya. Bakapu mukhoza kuibwereza popanda vuto, koma yoika chiwongoladzanja ikayenda kawiri, mamembala akhoza kulipitsidwa kawiri. Yankho lilembedwe pambali pa ntchito iliyonse, pamodzi ndi njira yodziwira ngati inayenda theka. Onaninso wotchi ya seva ndi lamulo la `date`. Ikakhala pa UTC, 1 koloko ya m'kalata ndi 3 koloko ya ku Malawi, ndipo ntchito yoikidwa 22:30 imayenda kuno tsiku litasintha kale.

Posayina, lembani pansi pa dzina lanu zimene mwayesa ndi deti lake, komanso zimene zatsala osayesedwa, monga ntchito za kutha kwa chaka zimene simungazione m'masabata awiri. Pemphani abwana agwirizane ndi bambowo mwalamulo kuti muziwaimbira mpaka mwezi woyamba utatsekedwa bwino, ndipo ngati pafunika kakuthokoza, kachokere ku bungwe, osati m'thumba mwanu.