Kapamba ndi thayimasi zikundisokoneza pa maikulosikopu

Aphungu, ndimaphunzira za udokotala kuno ku Blantyre. Pa mayeso apitawa ndinalemba kuti silayidi ndi ya kapamba pomwe inali ya thayimasi. Zonse ziwiri ndimangoona madontho a buluu okhaokha. Ndizisiyanitsa bwanji?

Achemwali, ndikukayika ngati vuto lili m'mutu mwanu. Ambiri amene amaphonya funso limeneli amakhala kuti athamangira lenzi ya 40 asanaone chiwalo chonse. Pamenepo malimfosayiti a kapamba ndi a thayimasi amafanana ngati mapasa. Yambani ndi kukweza silayidi m'mwamba, muiyang'ane ndi maso poyera, kenako muike pa lenzi ya 4.

Kapamba pa lenzi imeneyi amaoneka ngati dambo lofiira lokhala ndi tizilumba ta buluu tomwazikana popanda dongosolo. Dambolo ndiye redi palupu, ndipo limatenga pafupifupi magawo atatu mwa anayi a chiwalochi. Tizilumbato ndiye wayiti palupu. Dzinali limasocheretsa anthu: mukadula kapamba wosapakidwa utoto, malo amenewa amaoneka otuwa, koma pa silayidi ya H&E ndiwo amada kwambiri, chifukwa hematokisilini amagwira manyukiliyasi a malimfosayiti othithikana pamenepo. Mukamasaka malo oyera pa silayidi, mudzaloza polakwika.

Tsopano sankhani kachilumba kamodzi, mupite pa lenzi ya 10. Mupezamo kamtsempha ka magazi ka khoma lochindikala. Amakatcha kuti ka pakati, koma nthawi zambiri kamakhala chakumbali. Maselo ozinga kamtsemphako ndi a T, pomwe kambulunga kotsamira pambali pake ndi folikulo ya maselo a B. Folikulo yokhala ndi kamtsempha kotere ndi chidindo cha kapamba.

Thayimasi ndi yadongosolo. Yagawidwa m'timagawo ngati ndime za m'munda, ndipo kagawo kalikonse n'kakuda kunja, kowala mkati. Kunjako ndi koteksi, mmene maselo a T osakhwima adzazana mpaka kubisa maselo a epithiliyamu amene akuwaphunzitsa. Mwa maselo a T amenewa, oposa 90 mwa 100 alionse amafera m'thayimasi momwemo, ena polephera kuzindikira zizindikiro za thupi, ena pozigwira mwamphamvu moti akadatuluka akadaukira thupi lomwe. Nchifukwa chake medula ndi yowala: ofikako ndi ochepa, ndipo maselo a epithiliyamu amaonekera bwino.

Ndikuganiza kuti ndikudziwa pamene munagwera. Kagawo ka thayimasi kakadulidwa mopingasa kamaoneka ngati mbulunga yakuda m'mbali, yowala pakati, ndendende folikulo yokangalika. Pakatipo n'kupezanso kanthu kapinki kozungulira, ndiye mtima n'kuti, “Kamtsempha kaja si aka!” Koma kanali kambulu ka Hassall. Apa ndi pamene lenzi ya 40 imagwira ntchito. Kamtsempha kali ndi bowo loyalidwa ndi maselo opyapyala, mwina muli ndi maselo ofiira a magazi, ndipo khoma lake ndi la mnofu. Kambulu ka Hassall kalibe bowo lenileni. Ndi maselo a epithiliyamu okutana ngati anyezi wodula pakati, pakatikati pali keratini wapinki wowala. Kamapezeka mu medula mokha. Mukakayikabe, bwererani pa lenzi ya 4 muone chimene chazinga mbulungayo. Ngati ndi magazi, ndi kapamba. Ngati ndi kamzere kopyapyala kenako kagawo kena kofanana nako, ndi thayimasi. Thayimasi yabwinobwino ilibe mafolikulo.

Chenjeraninso ndi msinkhu wa mwini chiwalocho. Munthu akatha msinkhu thayimasi imayamba kufota, mafuta n'kulowa m'malo mwake. Silayidi ya munthu wachikulire ikhoza kukhala mafuta okhaokha ndi tizidutswa ta buluu apo ndi apo, ndipo chokupulumutsani ndi timibulu ta Hassall tomwe tija.

Redi palupu musaidutse msanga, chifukwa mudzakumana nayo m'mawodi a ku Queens. Magazi amatayikira m'timizere ta maselo, ndipo selo lofiira kuti libwerere m'mitsempha liyenera kudzipanikiza kudutsa m'timing'alu ta makoma a masinusoyidi. Lokalamba, la masiku ngati 120, kapena louma chifukwa cha tizilombo ta malungo, limakanika kudutsa, ndipo mamakirofeji amalimeza. Mwana amene mudzamugwire kapamba wotupa pansi pa nthiti za kumanzere, ndi ntchito imeneyi yamuchulukira. Pa silayidi ya kapamba wotere mumaoneka timadontho takuda m'mamakirofeji, totsalira ta malungo totchedwa hemozoyini.

Sabata ino pemphani masilayidi atatu ku labu: kapamba, thayimasi ndi mwanabere. Mnzanu aphimbe mayina, inu mutchule chiwalo pa lenzi ya 4, kenako mupereke maumboni awiri ndi kujambula chimene mwaona. Polemba mayeso teroninso: dzina, ndi zinthu ziwiri zimene mwaziona pa silayidi imeneyo.