Kuwonjezera karenti ya rota: bwanji voteji imakwera kuchigayo, koma m'buku mumangokwera Q?

"Ndine wophunzira wa zamagetsi, kwathu ndi ku Mangochi. Aphunzitsi akuti ukawonjezera ekisaiteshoni ya jenereta, kutanthauza karenti ya rota, makilowati sasintha ndipo voteji siyenda, chimasintha ndi Q yokha, mphamvu ya riyakitivi yoyezedwa mu kvar. Koma pa jenereta ya dizilo ya kuchigayo cha amalume, ndikapotoza kasikuluu ka AVR, kachipangizo koyang'anira voteji, voteji imakwera ndikuona ndi maso. Chithunzi cha mafeza sichikundilowa, ndipo mayeso ayandikira."

Aphunzitsi anu akunena zoona, ndipo maso anunso sanakunamizeni, chifukwa majenereta awiriwa sali pamalo ofanana. Ya m'buku ndi yolumikizidwa ku gridi yaikulu imene voteji yake ndi mahezi ake 50 sizingagwedezedwe ndi makina amodzi, pamene ya amalume ili yokhayokha. Tiyambe ndi ya m'buku, popeza ndi imene mudzakumane nayo pamayeso.

Tengani pepala, rula ndi pensulo. Jambulani muvi wopingasa woloza kumanja, muutche V, kutanthauza voteji ya pamawaya otuluka, pa fezi imodzi. Kuchokera pachiyambi chomwecho jambulani muvi wa karenti I, ndipo ngati karenti ikutsalira m'mbuyo mwa voteji, muviwo upendekere pansi pa V. Kenako imani pansonga ya V n'kujambula muvi wa jXsI, umene ndi voteji yogwera mu riyakitansi ya makina. Chilembo j chikungokuuzani kuti muviwu uloze kumene I ikanaloza mukanaitembenuza madigiri 90 motsutsana ndi kayendedwe ka wotchi. Mukalumikiza chiyambi ndi nsonga ya muvi womalizawu, mwapeza E, voteji yobadwira m'kati mwa jenereta chifukwa cha maginito a rota, ndipo ngodya ya pakati pa E ndi V ndiye δ. Resisitansi ya waya wa siteta taisiya dala chifukwa m'makina aakulu ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi Xs.

```
E = V + jXsI
P = E·V·sinδ / Xs
Q = V·(E·cosδ − V) / Xs
```

Ophunzira ambiri amaloweza mizere itatuyi osayang'ana pepala, ndipo ine ndimaona kuti apa m'pamene amataya malikisi. Yang'anani nsonga ya E. Kutalika kwake kuchokera pamzere wa V kupita m'mwamba ndi E·sinδ, ndipo kutalikako kukuimira P, mphamvu yoyezedwa m'makilowati. Mtunda umene nsongayo yapitirira nsonga ya V chakumanja ndi E·cosδ − V, ndipo mtundawo ukuimira Q. P imachokera ku chimene chikuzunguza shafiti, kaya ndi madzi a mu Shire pa makina a EGENCO ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, kaya ndi dizilo wa mu injini. Ngati simunakhudze gavana, chipangizo cholamulira mafuta kapena madzi olowa m'makina, kutalika kwa nsongayo sikungasinthe, choncho mukawonjezera kapena kuchepetsa karenti ya rota, nsonga ya E imangoyenda pamzere umodzi wopingasa, ngati chovala chimene mukuchikankha pachingwe choyanikira.

Tiyese ndi jenereta ya 100 kVA, powerengera kuti 1.0 ndi muyezo wake wathunthu. Tinene kuti V ndi 1.0, Xs ndi 1.2, ndipo injini ikupereka P ya 0.5, kutanthauza 50 kW. Apa E·sinδ iyenera kukhala 0.6 nthawi zonse. Nsonga ya E ikakhala pamwamba penipeni pa nsonga ya V, E imakhala 1.17, δ imakhala madigiri 31, Q ndi ziro, ndipo karenti ndi 0.5, imene ndi yochepetsetsa pa katundu ameneyu.

Tsopano kwezani karenti ya rota mpaka E ifike 1.5. Popeza sinδ yatsika kufika 0.4, δ yatsikira pa madigiri 23.6, ndipo E·cosδ ndi 1.375. Mukachotsapo 1.0 n'kugawa ndi 1.2, Q ikutuluka 0.31, ndiye kuti makinawo akupereka 31 kvar ku gridi. Karenti ya siteta yakwera kufika 0.59, pawa fakita ndi 0.85 yotsalira m'mbuyo, koma mita ya makilowati idakali pa 50. Mukatsitsa E kufika 1.0, δ imakula kufika madigiri 36.9, E·cosδ imakhala 0.8, ndipo Q imatuluka −0.17. Jenereta yayamba kukoka 17 kvar kuchokera ku gridi, karenti yake ya 0.53 ikutsogola voteji, ndipo yakweranso kuposa 0.5 ija. Kutsika ndi kukweranso kwa karenti ya siteta kumeneku ndiko kumapanga mzere wooneka ngati chilembo V umene amakonda kufunsa pamayeso.

Mbali zonse ziwiri zili ndi malire, koma kuopsa kwake n'kosiyana. Chakumanja vuto ndi kutentha, chifukwa waya wa rota ndi wa siteta umasenza karenti yochuluka popanda kilowati yowonjezera. Chakumanzere vuto ndi kutaya mgwirizano ndi gridi. Pachitsanzo chathu, E ikatsika kufika 0.75 δ imafika madigiri 53, ndipo ikafika 0.6 δ imagunda madigiri 90, pamene maginito a rota sangagwirenso a siteta ndipo makina amayamba kudumpha mapolo, mamita akugwedezeka uku ndi uku. N'chifukwa chake makina aakulu amakhala ndi chitetezo chowazimitsa ekisaiteshoni ikatayika. Dziwaninso kuti mafomula awa ndi a rota yosalala mozungulira. Majenereta a madzi ali ndi mapolo otulukira kunja, ndipo amawerengedwa ndi mariyakitansi awiri, Xd ndi Xq, ngakhale kuti khalidwe la Q silisintha.

Kuchigayo kuja kulibe gridi yogwira V kuti isayende. Mota ya chigayo ndiyo imalamula kuchuluka kwa Q imene ikufunika kuti maginito ake apangike, ndipo jenereta imangopereka. Mukakweza E pamenepo, palibe kumene Q yochuluka ingapite, choncho nsonga ya V ndiyo imasuntha, voteji n'kukwera. Ndikupemphani kuti kasikuluuko musamakapotoze mwachisawawa, chifukwa voteji yopitirira 400 ya pachikwangwani imachititsa mota kukoka karenti yambiri ya maginito n'kumatentha.

Pakati pa ziwirizi pali chimene mungadzakumane nacho mukadzapita kukaphunzira ntchito kumalo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja, kumene majenereta awiri ofanana angalumikizidwe pamodzi magetsi akathima. Mukadzaona kuti makilowati awo ndi ofanana koma maampeya akusiyana, wina pawa fakita yake yatsika kwambiri pamene winayo ikutsogola, musadzathamangire kwa gavana. Ekisaiteshoni ya wina yakwera kuposa ya mnzake, ndipo Q ikungozungulira pakati pawo n'kumawatenthetsa pachabe. Makilowati akasiyana, pamenepo ndiye nkhani ya gavana ndi mafuta.

Pokonzekera mayeso, jambulani zochitika zitatu zija za E ya 1.17, 1.5 ndi 1.0 papepala limodzi la timabokosi, V ikhale masentimita 10 ndipo mzere wa nsonga ya E ukhale masentimita 6 pamwamba pake. Yezani E ndi rula, δ ndi pulotirakita, kenako muyerekeze ndi manambala a pamwambawa. Mukatero sinthani P ikhale 0.75, mzerewo ukwere kufika masentimita 9, ndipo mudzipezere nokha E yochepetsetsa imene makinawo angapirire asanadumphe mapolo.