Mutu wa nyuzipepala ndi poyambira

"Ndikakhala pansi kuti ndilembe nkhani yopeka, mutu umangoti gwa. Ndiyambire pati?"

Achimwene, m'mawa tengani nyuzipepala yakale, ngakhale ija anakulungira zitumbuwa. Sankhani mutu umodzi, nkhani yake musawerenge. Tinene kuti mutuwo ukuti "Mlatho wakokoloka, anthu asowa powolokera". Funsani kuti ndani anali tsidya lina usiku umenewo. Ine ndingasankhe mayi amene wasenza ufa kuchokera kuchigayo, ana akudikira kunyumba. Lembani za iye yekha kwa mphindi 15, osafufuta, ndipo mawu oti "mlatho" asapezekemo. Lamuloli limakukakamizani kuonetsa matope ndi mkokomo wa madzi.

Mukaona mwayamba kunena za boma ndi makontilakitala, mwabwerera kwa mtolankhani. Bwererani kwa mayi uja.