Musabweze kanthu musanaone balansi, ine zinandionekera

"Abale a m'gulu muno thandizeni. Yalowa meseji yoti ndalandira K60,000, kenaka mayi wina waimba akulira kuti walakwitsa nambala, ndimubwezere. Ikuoneka ngati yeniyeni ndithu. Yabodza mumaizindikira bwanji?"

Achemwali musatumize! Ngakhale K100 musatumize, ndipo akaimbanso muwauze aimbire kampani, mudule. Ndikulemba manja akunjenjemera chifukwa mwandikumbutsa za Okutobala chaka chatha, ndipo amene ali nane ku banki m'khonde muno akudziwa mmene ndinaondera mwezi umenewo.

Ine ndimagulitsa mpunga wa Kilombero ndi nyemba kumsika. Tsiku limenelo cha m'ma 9 koloko kunabwera mnyamata, malaya opisira, nsapato yopolisha, ulemu wake ngati mwana wa abusa. Anagula makilo awiri, nalipira bwinobwino. Kenaka akuti, mami foni yanga yathima, ndibwerekeni yanu ndifunse akazi anga ngati akufunanso nyemba. Munthu wakugula kumene, ungamukanize? Ndinampatsa. Anapotolokera kumbali pang'ono, ine ndili kalikiliki kuyezera wina nyemba. Sizinakwane mphindi zitatu anabweza, akuti sakuyankha, zikomo mami, Mulungu akudalitseni. Mulungu ameneyo amukanthe komwe aliko.

Cha m'ma 3 koloko foni kulira. Meseji, pamwamba dzina la kampani yomwe ndimasungako ndalama, lolembedwa ndendende mmene limalembedwera. Kampaniyo sinditchula, nkhani si imeneyo. Akuti mwalandira K95,000, manambala a thiranzakishoni ali pompo, tsiku lili pompo, ndipo kumapeto balansi K243,300. Ndisanamalize n'kuwerenga komwe foni ikuitana. Mawu a bambo wachikulire, otsamwa, kumbuyo azimayi akubuma maliro. Akuti mayi pepani, mwana wanga wamwalira, thupi lili ku mochale, ndimatumizira mlamu wanga ndalama ya bokosi ndiye maso andinamiza, ndaphonya nambala imodzi. Galimoto ikudikira. Mayi musadule foni chonde, mayunitsi anga atha. Mayi inunso ndinu kholo.

Pamenepo ndi pomwe anandipeza. Ndinaikapo mwana ine, ndikudziwa kuima pakhomo la mochale opanda ya bokosi. Mutu unaleka kugwira ntchito. Bamboyo akuti mutsale ndi K5,000 ya sopo, mutumize K90,000 basi, koma osati pa nambala ino, ino sinalembetsedwe, tumizani pa iyi, dzina lituluka lachizimayi, ndi la mlamu wanga uja. Amatchula nambala pang'onopang'ono ine n'kumadina. Dzina linatulukadi lachizimayi, mmene ananenera, ndiye mtima unakhala pansi. Ndinaika pini. Mnzanga wa benchi yoyandikana amandiyang'ana, nandifunsa kuti asisi mukutumizira ndani, ine ndinamukweza dzanja kuti akhale chete, pali maliro. Ndimakumbukira dzanja limenelo mpaka lero, manyazi ake.

Meseji yeniyeni italowa, balansi sinafike ndi K65,000 yomwe. Ndimayembekeza kuona K153,000 ndi kanthu. Ndinawerenga katatu. Miyendo inazizira, ndinakhala pa thumba la nyemba, thukuta kamukamu, makutu kumangolira. Inali ndalama ya oda ya mpunga, ndi ina yoti ndikabweze ku gulu Loweruka. Kuimbanso nambala ija, yathimitsidwa. Chifundo chinapha nkhwali, amanena zoona akuluakulu.

Tsono tamverani mmene anachitira, chifukwa ndinazitulukira usiku mwana wanga wa Fomu 3 atatenga foni. Anatsegula meseji ija, nadina pa dzina la kampani pamwamba paja, ndipo pansi pake panatuluka nambala wamba ya manambala khumi, ngati yanga ndi yanu. Mnyamata wa m'mawa uja sanaimbire mkazi aliyense. Anasunga nambala yake m'foni mwanga, naipatsa dzina la kampani. Ndiye meseji iliyonse yochokera kwa iye imabwera itavala dzina limenelo. Komanso anawerenga meseji yanga yomaliza, naona kuti ndili ndi K148,300, n'chifukwa chake anaphatikiza K95,000 n'kulemba K243,300. Chomwe samadziwa n'choti masana kasitomala wina anandilipira K6,500 pa foni, ndiye balansi yanga inali itafika K154,800. Ikanakhala meseji yoona ikanati K249,800. Masamu a Sitandade 4 okha akanandipulumutsa, koma ndani amawerengera masamu azimayi akubuma m'khutu?

Ndiye inu chitani zimene ine sindinachite. Musakhulupirire meseji, khulupirirani akaunti. Dinani nokha ndi chala chanu, ya Airtel Money ndi yoyambayi, ya Mpamba ndi yachiwiriyi:

```
*211#
*444#
```

Mulowe pa akaunti yanu muone balansi, kapena mutsegule apu ngati muli nayo. Ngati K60,000 yo sinawonjezekere, palibe chimene chalowa, mwangolandira malemba. Meseji munthu aliyense atha kuilemba, amangokopera yakale n'kusintha dzina, tsiku ndi ndalama. Koma balansi yomwe mwaifunsa nokha wakuba sangaigwire.

Mukatero yang'anani komwe mesejiyo yagwera. Mameseji onse enieni a ndalama amasanjikizana malo amodzi, watsopano pansi pa akale aja, olandira ndi otumiza omwe. Yanga ija inali payokhapayokha, yopanda inzake pamwamba, ndipo m'foni munali mizere iwiri ya dzina limodzi. Sindinaone. Yeniyeni imabwera ndi dzina lokha, mukadinapo simupeza nambala yoti n'kuimbira. Ikakhala yochokera pa 099, 098, 088 kapena +265 kutsogolo, ameneyo ndi munthu ali ndi foni m'manja, kaya wagona pa mphasa kwinakwake. Ambiri sachita kuvutika ngati anandivutikira ine, amangotumiza pa nambala wamba n'kudalira kuti simuyang'ana pamwamba, makamaka pa timafoni ta mabatani pomwe umayamba kuona mawu, wotumiza n'kubwera pambuyo. Ena amati muziona Chingerezi chothyokathyoka. Nthawi zina n'zoona, koma yanga inalibe cholakwika ngakhale chimodzi, ndiye musadalire zimenezo.

Nanga mukapeza kuti ndalama yalowadi? Zimachitika, anthu amaphonyadi manambala, ine ndinaphonyapo. Komabe si ntchito yanu kubweza pamanja. Wolakwitsayo aimbire kampani, apereke manambala a thiranzakishoni, kampaniyo ndi imene ibweze kwa mwini wake. Inu ingoisiyani ndalamayo osaikhudza. Chifukwa pali ena amatumizadi, inu n'kuwabwezera pa nambala ina yomwe akuuzani, iwo n'kukadandaulanso kukampani kuti ibwezedwe, mwaluza kawiri. Ndipo mawu oti "tumizani pa nambala ina" mukangowamva, dziwani kuti mwakumana nazo. Wolakwitsa weniweni amafuna ndalama ibwerere komwe yachokera.

Sizinathere pomwepo. Mawa lake m'mawa kuimba wina, mawu osalala, Chichewa chosakaniza ndi Chingerezi, akuti ndine wa kukampani, tamva kuti munaberedwa dzulo, tikufuna tikubwezereni K90,000 yanu. Anatchula ndalama yeniyeniyo! Mtima unadumpha. Akuti dinani zomwe ndikuuzeni, kenaka muike pini kuti ndalama ilowe. Ndinali nditayamba kale kudina, koma mwana wanga uja analanda foni. Anthu omwewo abale, amabwerera kudzakokota m'mbale. Gwirani ichi: pini ndi yotulutsira ndalama, kapena kuonera akaunti yanu pamene mwafuna nokha. Kulandira ndalama sikufuna pini. Munthu akamakutsogolerani pa foni kuti dinani wani, dinani thuu, ikani manambala awa, akukuyendetsani njira yotumizira kapena yotapira ndalama, ndipo "manambala achinsinsi" omwe akukupatsaniwo ndi nambala yake ndi kuchuluka kwa ndalama. Chimodzimodzi timanambala tomwe timabwera pa meseji munthu n'kumati ndiwerengereni, musawerenge. Chimodzimodzinso aja oti mwawina mpikisano womwe simunalowe, aja oti dzina lanu latuluka pa Mtukula Pakhomo kapena pa feteleza wotsika mtengo koma mutumize kaye ya fomu, ndi kaja kongoti "ndalama ija mutumize pa nambala iyi" komwe amangomwaza kwa anthu ambirimbiri podziwa kuti mmodzi alidi ndi ngongole yoti atumize tsiku limenelo.

Chimandipweteka n'choti tinafola pa mizere mu 2018 kulembetsa masimu ndi ziphaso za unzika, MACRA italamula, tinkati mbava zatha. Koma amagwiritsa ntchito masimu olembetsedwa ndi ziphaso za anthu ena, zotayika kapena za agogo akumudzi omwe sadziwa kanthu. Dzina lachizimayi lija mwina ndi la munthu wosalakwa. Ine nditaimbira kampani, patatha pafupifupi ola chifukwa ndinayamba ndalira kaye, anandiuza kuti ndalama yatapidwa kale kwa ejenti. Kupolisi ndinapita, analemba, ndinapereka manambala onse atatu, mpaka lero zii. Bambo a kunyumba m'malo mondipepesa akuti iwe umadziyesa wochenjera. Iwowo chaka chomwecho anatsala pang'ono kutumiza ya "thiransipoti ya katundu wochokera ku Joni", koma imeneyo sitiikamba.

Komabe zikakuchitikirani imbani kukampani nthawi yomweyo, musayambe mwalira ngati ine, ndalama ikakhala isanatapidwe amatha kuitsekera. Nambala yoimbira muitenge kwa ejenti amene mumamudziwa, osati yomwe ili mu mesejimo. Kupolisi pitaninso, ndipo meseji musaifufute, ndi umboni. Foni yanu musabwereke munthu, olo atavala kolala ya ubusa, ngati wavutikadi muimbireni inuyo muike laudi foni ili m'manja mwanu. Ngakhale kunena zoona dzulo lomweli ndabwereka mayi wina wa mwana kumbuyo amene anasochera pa depoti, ndingatani, koma nditangolandira ndinalowa m'maina kufufuza ngati mwabadwa dzina lachilendo.

Mayi akulirayo musamukalipire, mwina ndi woona. Ingomuuzani kuti mayi imbirani kampani ibweze, ine ndalama sindiikhudza. Mukamva wayamba kukuopsezani za apolisi kapena za asing'anga, mwadziwa kale. Taonani balansiyo pompano mutiuze yatuluka zingati, ndili pano.